Makina akaima: kalembedwe ka lipoti losaloza munthu chala

Madzulo a pa 4 Okutobala 2021, nthawi itatsala pang'ono kukwana 6 koloko kuno ku Malawi, WhatsApp, Facebook ndi Instagram zidasiya kugwira ntchito padziko lonse, ndipo zidakhala zii kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi. Wogwira foni ku Migowi kapena ku Limbe sakadatha kudziwa ngati vuto lidali la netiweki yakwathu kapena lakutali. M'mawa mwake, mkulu woyang'anira makina a kampaniyo, Santosh Janardhan, adatulutsa chikalata chofotokoza zomwe zidachitika. Iye adati pa ntchito ya masiku onse yosamalira makina padaperekedwa lamulo lofuna kungoyesa mphamvu ya misewu yolumikiza nyumba zosungiramo maseva a kampaniyo, koma lamulolo lidadula misewu yonseyo. Chida chomwe ntchito yake ndi kuunika malamulo otere asadagwire ntchito chidali ndi chilema, motero sichidaliletse.

M'chikalatacho mulibe dzina la injiniya yemwe adatayipa lamulolo. Ichi sichidali chifundo chabe ayi, koma ndi kalembedwe komwe akatswiri a makompyuta amatsata mwadala. Lipoti lotere amalitcha positimotemu, dzina lobwereka kwa madokotala opima mtembo pofuna kudziwa chomwe chapha munthu, ndipo likalembedwa mosafuna woti amunyamulitse mlandu limatchedwa lipoti losaloza chala.

Chiyambi ndi cholinga chake

Ganizoli lidayambira m'ntchito za ndege ndi zachipatala, komwe kudaoneka kuti wantchito woopa chilango amabisa zomwe akudziwa, ndipo ngozi yomweyo imadzagweranso mnzake. M'ntchito za makompyuta lidafala kuchokera mu 2012, pomwe John Allspaw, yemwe ankatsogolera mainjiniya a kampani ya Etsy ku America, adalemba za momwe kampaniyo inkafufuzira mavuto ake popanda kulanga wolakwitsa. Mu 2016 akatswiri a Google adatulutsa buku lotchedwa Site Reliability Engineering, lomwe lili ndi mutu wathunthu wonena za malipoti otere.

Kwa ogwira ntchito zaumoyo m'dziko muno mfundoyi si yachilendo. Mayi akamwalira pa uchembere, zipatala zimachita kafukufuku wa imfayo motsata ndondomeko yomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa mu 2013, ndipo nsanamira yake ndi yoti pasatchulidwe dzina komanso pasadzudzulidwe munthu. Cholinga ndi chimodzi: mzamba kapena dokotala anene chilungamo chonse, kuti dzenje lomwe mayiyo adagweramo likwiriridwe.

Lipoti la makina limayamba ndi chikhulupiriro choti aliyense yemwe adakhudzidwa adachita zomwe zinkaoneka zanzeru malinga ndi zomwe ankadziwa pa nthawiyo. Funso lake silikhala loti adalakwitsa ndani, koma loti ntchito idakonzedwa bwanji kuti kulakwitsa kumodzi kwa munthu wodziwa ntchito yake kugwetse zonse. Chitsanzo chomveka bwino ndi cha kampani ya Knight Capital, kaamba koti nkhani yake idafufuzidwa ndi kulembedwa mwatsatanetsatane ndi bungwe loyang'anira misika ya masheya ku America la SEC.

Zomwe zidaigwera Knight Capital

Knight Capital idali kampani yaikulu yogula ndi kugulitsa masheya m'malo mwa makasitomala, ndipo likulu lake lidali ku Jersey City. Idali ndi pulogalamu yotchedwa SMARS, yomwe inkalandira oda yaikulu n'kuigawa m'maoda ang'onoang'ono otumizidwa kumsika. Zili ngati wamalonda yemwe watumidwa matumba 1,000 a nandolo: sagula onse kwa mlimi mmodzi, amagula pang'onopang'ono uku akuwerenga, ndipo chiwerengero chikakwana amaleka. Kuwerengako ndiko kumamuuza kuti asiye.

M'kati mwa SMARS mudali kachigawo kakale kotchedwa Power Peg. Kampaniyo idasiya kukagwiritsa ntchito mu 2003, koma sidakachotse. Mu 2005 mainjiniya adasamutsira kwina gawo lowerenga masheya omwe agulidwa kale, ndipo Power Peg sadaiyesenso kuti aone ngati ikadagwirabe bwino itadzutsidwa. Kuyambira pamenepo idali ngati wamalonda uja wopanda kabuku kowerengera, koma poti idali mtulo, palibe chidaoneka.

Mu 2012 msika wa masheya wa New York udakonza zoyamba ndondomeko yatsopano ya malonda pa 1 Ogasiti. Knight idalemba pulogalamu yatsopano yoti ilowe m'malo mwa Power Peg, ndipo idagwiritsanso ntchito chizindikiro chomwe kale chinkadzutsa Power Peg kuti tsopano chizidzutsa pulogalamu yatsopanoyo. SMARS inkayenda pa maseva asanu ndi atatu. Kuyambira pa 27 Julaye pulogalamu yatsopano idayamba kuikidwa pa masevawo m'magawo, masiku otsatizana, koma mmisiri mmodzi sadaikopere pa seva imodzi. Padalibe mmisiri wachiwiri woti aunike ntchitoyo, ngakhalenso lamulo lolembedwa lofuna kuti zitero.

Msika utatsegulidwa nthawi ya 9:30 m'mawa wa pa 1 Ogasiti, maoda okhala ndi chizindikiro chija adayamba kufika. Maseva asanu ndi awiri adawagwira bwino. Pa seva yachisanu ndi chitatu chizindikirocho chidadzutsa Power Peg, yomwe idayamba kutumiza maoda kumsika osaleka. Pofuna kukwaniritsa maoda 212 okha, m'mphindi pafupifupi 45 padachitika malonda oposa 4 miliyoni m'masheya a mitundu 154. Malinga ndi SEC, kampaniyo idataya ndalama zoposa madola 460 miliyoni. Mu Okutobala 2013 idalipitsidwa chindapusa cha madola 12 miliyoni, ndipo chaka chomwecho idaphatikizana ndi kampani ya Getco.

Chigamulo cha SEC si lipoti losaloza chala, chifukwa cholinga chake chidali kulanga kampani. Komabe sichidatchule dzina la mmisiriyo, ndipo mfundo zake ndi zokwanira kusonyeza momwe lipoti lotere lingalembedwere.

Gawo loyamba: kukula kwa vuto

Lipoti limayamba ndi ndime yaifupi yoti bwana wotanganidwa aimve popanda kufunsa katswiri. Ndimeyi imanena ntchito yomwe idasokonekera, nthawi yomwe idayamba ndi kutha, anthu omwe adakhudzidwa ndi zomwe zidatayika. Zonsezi zimalembedwa m'manambala omwe alipo. Mawu onga akuti makasitomala ena adavutika pang'ono alibe ntchito, chifukwa sathandiza kuweruza ngati kukonza vutolo kukuyenera mwezi wathunthu wa mainjiniya kapena tsiku limodzi. Pa Knight ndimeyi ikadanena za mphindi 45, maoda 212, malonda oposa 4 miliyoni ndi ndalama zija. Nambala yomwe sidatsimikizike imalembedwa kuti ndi yongoyerekeza, pamodzi ndi njira yomwe aipezera.

Gawo lachiwiri: mndandanda wa nthawi

Msana wa lipoti ndi mndandanda wa zochitika, chilichonse ndi nthawi yake. Umamangidwa kuchokera ku umboni: makaundula omwe makina amalemba okha, maimelo, mauthenga omwe antchito ankatumizirana ndi mbiri ya kusintha kwa pulogalamu. Zokumbukira za anthu zimabwera pambuyo kudzadzaza mipata, chifukwa munthu yemwe adali pa mpanipani sakumbukira bwino chomwe chidayamba ndi chomwe chidatsatira. Nthawi zonse zilembedwe pa wotchi imodzi, ndipo lipoti linene kuti ndi wotchi iti.

Cholakwika chofala ndi kuyamba mndandanda pomwe makina adaimira. Wa Knight, ukalembedwa bwino, ukuyambira zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyo:

- 2003: Power Peg isiya kugwiritsidwa ntchito, koma ikhalabe m'pulogalamu.
- 2005: gawo lowerenga lisamutsidwa, Power Peg osayesedwanso.
- 27 Julaye 2012: kuika pulogalamu yatsopano kuyamba, seva imodzi itsala.
- 1 Ogasiti, kuyambira cha m'ma 8:01 m'mawa: makina atumiza maimelo 97 kwa gulu la antchito msika usadatsegulidwe.
- 9:30 m'mawa: msika utsegulidwa, maoda ayamba kusefukira.
- Ali m'kati mofufuza: pulogalamu yatsopano ichotsedwa pa maseva asanu ndi awiri omwe adali bwino, vuto likula.
- Patatha mphindi pafupifupi 45: maoda aimitsidwa.

Mndandanda woyambira 9:30 ukadaonetsa mmisiri yekha. Woyambira 2003 ukuonetsa kuti msampha udatcheredwa kalekale, ndi anthu osiyanasiyana omwe aliyense adachita kanthu kooneka kakang'ono. Mndandandawu umaperekanso miyeso iwiri yofunika, yomwe ndi nthawi yomwe idapita vuto lisadadziwike ndi nthawi yomwe idapita lisadaimitsidwe. Iliyonse ili ndi mankhwala akeake.

Gawo lachitatu: zifukwa, osati chifukwa

Ngozi yaikulu kawirikawiri siikhala ndi muzu umodzi. Wolemba amatenga mfundo iliyonse ya pa mndandanda n'kufunsa kuti ndi mpanda uti womwe ukadaimitsa vutolo pamenepo, nanga bwanji udalibepo kapena sudagwire. Pa Knight mipanda yotere ikuoneka isanu. Pulogalamu yakufa idasiyidwa m'makina amoyo. Chizindikiro chakale chidapatsidwa tanthauzo latsopano, motero uthenga umodzi unkamveka mosiyana pa maseva awiri. Padalibe njira yotsimikizira kuti maseva onse ali ndi pulogalamu yofanana. Chenjezo lidabwera m'njira yomwe anthu sankaliona ngati chenjezo. Pomaliza, padalibe chida choimitsa maoda chokha ndalama zikapyola malire.

Mfundo ya maimelo 97 ikuonetsa kusiyana kwa malipoti awiriwa. Maimelowo ankatchula SMARS ndipo adali ndi mawu akuti `Power Peg disabled`. Lipoti lofuna wolakwa lingati antchito adanyalanyaza chenjezo ka 97. Koma SEC idapeza kuti mauthenga amtunduwu sadapangidwe kuti akhale machenjezo, ndipo antchito nthawi zambiri sankawawerenga akafika. Apa funso lothandiza ndi loti munthu ankalandira maimelo otere angati patsiku, ndi angati mwa iwo adafunapo kuti achitepo kanthu, ndipo ndani adapatsidwa udindo wowawerenga. Belu lolira tsiku lonse anthu amasiya kulimva, ndipo kudzudzula khutu sikukonza belulo.

Mfundo ina ndi ya kuchotsa pulogalamu yatsopano pa maseva asanu ndi awiri aja. Kwa wowerenga lero, yemwe akudziwa mathero, ichi chikuoneka ngati kuthira petulo pamoto: maoda okhala ndi chizindikiro chija ankabwerabe, ndipo tsopano ankadzutsa Power Peg pa maseva enawonso. Koma vuto likabuka pulogalamu yatsopano itangoikidwa, kubwerera ku yakale ndi mankhwala oyamba omwe injiniya aliyense amaphunzitsidwa. Lipoti labwino limalemba zomwe anthuwo ankaona pa makompyuta awo pa mphindi imeneyo, zomwe ankaganiza kuti ndiye gwero, ndi zomwe sakadatha kuona. Phunziro lotulukapo ndi loti kubweza pulogalamu osabweza makonzedwe oyendera limodzi nayo si kubwerera m'mbuyo, ndipo njira yobwerera iyenera kuyesedwa tsiku la ngozi lisadafike.

Kusankha mawu

Kusaloza chala kumaonekera m'ziganizo. Chiganizo choti mmisiri adaiwala seva yachisanu ndi chitatu chifukwa cha kusasamala chili ndi mfundo imodzi ndi chiweruzo chimodzi, ndipo chimatseka kafukufuku. Mfundo yomweyo ingalembedwe motere: pulogalamu yatsopano idafika pa maseva asanu ndi awiri mwa asanu ndi atatu, ntchitoyo idachitika m'magawo pa masiku angapo, ndipo padalibe chida kapena munthu wachiwiri wofananitsa masevawo itatha. Chiganizo chachiwirichi sichidabise kalikonse, koma chikuonetsa malo oti akonzedwe.

Anthu amatchulidwa ndi udindo wawo, monga injiniya wa pa zamu kapena woika pulogalamu. Mawu onga kusasamala, ulesi ndi kupupuluma sayenera kupezekamo, chifukwa ndi maganizo a wolemba osati zochitika. Mawu akuti akadayenera ndi ofunikanso kuwasamala: amafotokoza dziko lomwe silidakhaleko, ndipo amabadwa kaamba koti wolemba akudziwa kale mathero. Komabe kusaloza chala si kulemba mozemba. Chiganizo choti panachitika zolakwika zina sichiteteza munthu, chimangobisa phunziro. Lamulo lenileni lomwe lidatayipidwa ndi mzere weniweni wa makonzedwe womwe udali wolakwika ziyenera kulembedwa monga momwe zidalili.

Gawo lachinayi: zoti zichitike

Lipoti limatha ndi ntchito zoti zigwiridwe, iliyonse yokhala ndi mwini wake mmodzi, tsiku lomalizira ndi njira yodziwira kuti yatheka. Pano pokha ndi pomwe maina a anthu amalembedwa, chifukwa ntchito ya aliyense imakhala ya palibe. Ntchitozi ndi zamitundu itatu: zoletsa vuto kuchitika, zothandiza kuliona msanga ndi zochepetsa chiwonongeko likachitika.

Pa Knight, zoletsa zikadakhala kuchotsa Power Peg, kuleka kupatsa zizindikiro zakale matanthauzo atsopano, ndi kuika pulogalamu ndi chida chomwe chimakana kumaliza ngati seva imodzi yasiyana ndi zinzake. Kufananitsako si ntchito yovuta. Pa maseva a Linux lamulo ili limatulutsa nambala yaitali yomwe ili ngati chidindo cha chala cha failo:

```
for s in seva1 seva2 seva3; do
  ssh $s sha256sum /opt/app/router.bin
done
```

Ngati nambala ya seva imodzi yasiyana ndi zinazo, ndiye kuti failo yake ndi ina. Zothandiza kuona msanga zikadakhala kusandutsa uthenga wa Power Peg kukhala chenjezo loimbira foni munthu wa pa zamu. Zochepetsa chiwonongeko zikadakhala malire a ndalama oimitsa makina okha, komanso chilolezo cholembedwa chopatsa injiniya mphamvu yozimitsa makina popanda kuyamba wafunafuna bwana.

Ntchito yoti antchito azisamala kapena aphunzitsidwenso ndi yofooka kuposa zonse, chifukwa mmisiri wosamala kwambiri nayenso tsiku lina adzatopa. Mayeso ake ndi awa: ngati mawa pabwera munthu watsopano n'kulakwitsa chimodzimodzi, kodi makina adzaimanso? Ngati yankho ndi inde, lipotilo silidathe.

Ndani alembe, ndipo liti

Bungwe liyenera kugwirizana pasadakhale za mavuto ofuna lipoti, kuti kulemba kusaoneke ngati chilango cha gulu lina. Buku la Google lija limatchula zinthu monga kuima kwa ntchito komwe makasitomala akuona kopyola muyeso woikika, kutayika kwa zosungidwa, kubweza pulogalamu mwadzidzidzi, ndi vuto lomwe lidadziwika ndi munthu pomwe makina ounikira adali chete. Umboni usonkhanitsidwe tsiku lomwelo, chifukwa makaundula ena amafufutika okha, ndipo lipoti lilembedwe m'masiku owerengeka anthu asadaiwale.

Olemba bwino ndi omwe adali pa ntchitoyo, kuphatikizapo yemwe dzanja lake lidakhudza makina, chifukwa ndiye akudziwa bwino momwe msamphawo umaonekera usadafwamphuke. Msonkhano wounika lipoti utsogozedwe ndi munthu yemwe sadakhudzidwe komanso si bwana wa okhudzidwawo. Wotsogolera amafunsa kuti munkaona chiyani, munkayembekezera chiyani, ndipo masiku ena ntchitoyi mumaigwira bwanji. Funso lomalizali nthawi zambiri limavumbula kuti njira yachidule yomwe yabweretsa ngozi ndi yomwe aliyense wakhala akudutsa kwa zaka, chifukwa njira yolembedwa m'buku ndi yosatheka pa nthawi yomwe amapatsidwa.

Momwe zingakhalire m'boma ngati Phalombe

Zipatala zambiri m'dziko muno zimasunga mbiri ya olandira mankhwala otalikitsa moyo m'makompyuta ogwira pagalasi, ntchito yomwe idayambitsidwa ndi bungwe la Baobab Health Trust, ndipo malipoti a zaumoyo a maboma amalowetsedwa mu DHIS2. M'boma ngati Phalombe, komwe zipatala zing'onozing'ono zili motalikirana ndipo misewu imaduka m'dzinja, monga zidachitikira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kuika pulogalamu yatsopano kungafune kuti munthu ayende chipatala ndi chipatala. Pamenepo seva yachisanu ndi chitatu ya Knight ili ndi m'bale wake: chipatala chomwe galimoto sidafikeko, kapena chomwe ntchito idathera pakati magetsi atazima.

Tiyerekeze kuti mmisiri waika pulogalamu yatsopano pa chipatala china Lachisanu madzulo, kuchokera pa fulashi. Pamodzi ndi pulogalamuyo pakopedwa failo ya makonzedwe yomwe ankayesera ku ofesi, yokhala ndi mzere uwu:

```
DB_HOST=test-db.local
```

Mzerewu umauza pulogalamu komwe kuli nkhokwe ya mbiri ya odwala. Pachipatalapo umayenera kukhala `DB_HOST=localhost`, kutanthauza seva yomweyo. Pulogalamu ikuyaka bwinobwino, mmisiri akuona tsamba loyamba n'kunyamuka kuti mdima usamupeze. Lolemba m'mawa, kalaliki akufufuza wodwala woyamba ndipo makina akukana. Anthu omwe adalawirira mbandakucha akudikira pamzere, anamwino akubwerera ku makadi a pepala, ndipo zonse zolembedwa tsikulo zidzafunika kulowetsedwanso.

Lipoti loloza chala lingathe ndi chiganizo chimodzi, choti mmisiri adaika failo yolakwika ndipo wachenjezedwa. Losaloza chala lingapeze kuti failo yoyesera ndi yeniyeni zili ndi dzina limodzi ndipo zimakhala m'foda imodzi; kuti pulogalamu imayaka osadandaula ngakhale isakuipeza nkhokwe; kuti pepala la ndondomeko silifuna kuti woika afufuze mbiri imodzi asadachoke; kuti ntchito idaikidwa Lachisanu chifukwa ndi tsiku lomwe galimoto idapezeka; komanso kuti kalaliki adalibe nambala yoti aimbe, motero uthenga udadzera kwa anthu atatu. Chilichonse mwa izi chili ndi mankhwala otsika mtengo, ndipo akonzedwa kamodzi ateteza zipatala zonse zotsala.

M'malo otere umboni wa nthawi umapezeka kwambiri m'mauthenga a pafoni ndi m'kaundula wa alendo wa pachipatala. Wotchi ya seva iyenera kuyamba yafananitsidwa ndi ya pafoni, chifukwa kompyuta yomwe batire lake la m'kati lidatha imasokoneza nthawi magetsi akazima. Zithunzi za pagalasi zoikidwa m'lipoti zisaonetse dzina kapena nambala ya wodwala. Ichi ndi chinsinsi chachipatala, komanso dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu.

Malire ake

Kusaloza chala sikuphimba chilichonse. Wowononga makina mwadala, wakuba, kapena wofufuta umboni ali ndi mlandu womwe umayenda m'njira yake, ndipo njira ziwirizi zisasakanizidwe. Sikuchotsanso udindo wa bungwe kwa makasitomala ndi kwa boma, monga chindapusa cha Knight chikusonyezera. Udindo wa wantchito umasanduka wofotokoza zonse mosabisa ndi kuthandiza kukonza, ndipo wa bwana ndi wopereka nthawi ndi ndalama zokonzera.

Pa ofesi ya amisiri awiri kubisa dzina sikubisa munthu, poti aliyense akudziwa yemwe adapita kuchipatalako. Pamenepo chitetezo chenicheni ndi khalidwe la bwana. Lipoti limodzi likangotulutsidwa pa nthawi yokweza malipiro kapena yochotsa anthu ntchito, malipoti otsatira adzakhala aafupi, aulemu ndi opanda kanthu.

Lipoti lolephera limadziwika ndi zizindikiro zingapo. Gwero la vuto limalembedwa kuti ndi kulakwitsa kwa munthu, basi. Mndandanda wa nthawi umayambira pomwe makina adaimira. Palibe mawu a yemwe adagwira ntchitoyo, ndipo zoti zichitike zilibe mwini kapena tsiku. Njira yodalirika yoyesera ndi kutsegulanso lipotilo patatha miyezi itatu n'kuwerenga ntchito zomwe zatheka. Ngati zambiri zikadali pa pepala, mipanda ija ikadali yogumuka, ndipo woika pulogalamu wotsatira adzadutsa pa msampha womwewo.